Kupeza Kutalika kwa Mtengo Poyeza Mthunzi Wake

Mtengo wautali, monga bulugamu, mbawa kapena mgwalangwa, umatheka kuyezedwa kutalika kwake munthu ataima pansi, osakwera ngakhale nthambi imodzi. Chofunika ndi dzuwa lowala bwino, ndodo yowongoka, tepi yoyezera kapena chingwe, ndi masamu ochepa a kugawa ndi kuchulukitsa. Njirayi imadalira mfundo imodzi: pa nthawi imodzi ndi pamalo amodzi, zinthu zonse zoima chilili zimaponya mithunzi molingana ndi kutalika kwake. Chinthu chotalika kawiri kuposa chinzake chimakhala ndi mthunzi wotalikanso kawiri, ndipo chotalika kakhumi mthunzi wake umatalika kakhumi. Choncho ndodo yaifupi imene munthu angathe kuiyeza ndi manja imauza woyeza za mtengo umene sangaufikire kunsonga.

Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akayerekeza mizere itatu pa mtengo umene uli padzuwa. Mzere woyamba ndi thunthu la mtengowo, kuchokera patsinde kufika kunsonga. Mzere wachiwiri ndi mthunzi, wogona pansi kuchokera patsinde kufika pamene wathera. Mzere wachitatu suoneka ndi maso, koma ulipo: ndi njira ya kuwala kwa dzuwa kumene kwapitirira pansonga ya mtengo n'kukagwa pansi pothera mthunzi. Mizere itatuyi ikalumikizana imapanga chithunzi cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu, chimene pa masamu chimatchedwa thirayango. Ndodo yozikidwa pansi nayo imapanga thirayango yakeyake, yaing'ono, ya ndodoyo, mthunzi wake ndi kuwala kopitirira pamwamba pake.

Mathirayango awiriwa ndi osiyana kukula koma ndi ofanana maonekedwe. Ngodya ya patsinde pa mtengo ndi ya madigiri 90, chifukwa mtengo waima chilili pa nthaka yathyathyathya. Ngodya ya patsinde pa ndodo ilinso ya madigiri 90. Ngodya yachiwiri ndi imene kuwala kwa dzuwa kumapanga ndi nthaka pothera mthunzi, ndipo iyi ndi imodzimodzi kwa mtengo ndi kwa ndodo. Dzuwa lili kutali kwambiri, pafupifupi makilomita 150 miliyoni kuchokera padziko, moti mamita 20 kapena 30 amene ali pakati pa mtengo ndi ndodo sasintha kanthu pa kapendekedwe ka kuwala kwake. Kuwala kofika pa mtengo ndi kofika pa ndodo kumatsika mopendekera chimodzimodzi. Nyali ya pamtengo wa magetsi singagwire ntchito imeneyi, popeza ili pafupi ndipo kuwala kwake kumamwazikira mbali zonse: munthu akamachoka pansi pa nyaliyo chithunzithunzi chake chimanka chitalika, pamene munthu woyenda pabwalo masana chithunzithunzi chake sichisintha ndi kusuntha kwake.

Ngodya zitatu za thirayango iliyonse zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Ndiye ngati ngodya ziwiri zafanana m'mathirayango awiri, yachitatu nayo iyenera kufanana. Mathirayango amene ngodya zawo zonse zikufanana amatchedwa mathirayango ofanana maonekedwe, ndipo mbali zawo zimakula pamlingo umodzi. Zili ngati chithunzi chojambulidwa ndi kamera chikakulitsidwa: mutu, mikono ndi miyendo zonse zimakula mofanana, ndipo munthuyo amaonekabe yemweyo. Thirayango ya mtengo ndi thirayango ya ndodo yokulitsidwa. Mfundo imeneyi inalembedwa ndi umboni wake m'buku lachisanu ndi chimodzi la Euclid, katswiri wa masamu amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Igupto zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe.

Kugwiritsa ntchito mthunzi poyeza kunayamba Euclid asanabadwe. Alembi akale a Chigiriki amanena kuti Thales wa ku Mileto, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe, anapeza kutalika kwa mapiramidi a ku Igupto poyeza mithunzi yawo. Nkhaniyi inafotokozedwa m'njira ziwiri. Diogenes Laertius analemba kuti Thales anadikira nthawi imene chithunzithunzi cha munthu chimalingana ndi msinkhu wake, ndipo pa nthawiyo anayeza mthunzi wa piramidi. Plutarch analemba kuti iye anaimika ndodo pothera mthunzi wa piramidi n'kuyerekeza mithunzi iwiriyo. Njira zonse ziwiri n'zoona pa masamu, koma ya ndodo ndi yaphindu kwambiri chifukwa sidikira nthawi yapadera.

Kayezedwe kake kamamveka bwino pa chitsanzo chenicheni. Pali bulugamu wowongoka m'mphepete mwa bwalo la mpira pasukulu, ndipo nyumba ya aphunzitsi ili pa mtunda wa mamita 21 kuchokera patsinde pake. Akomiti ya sukulu akufuna kudziwa ngati mtengowo ungafike pa nyumbayo utagwa ndi mphepo kapena utadulidwa. Nthawi ndi m'mawa dzuwa litakwera, ndipo mthunzi wagona pabwalo la mpira, pamalo athyathyathya opanda udzu wautali.

Ntchitoyi imafuna anthu awiri. Woyamba amatenga ndodo yowongoka, monga nsungwi yosapindika kapena mpini wautali, n'kuizika pansi pafupi ndi mthunzi wa mtengo koma padzuwa. Choyezedwa ndi gawo la ndodo limene lili pamwamba pa nthaka, osati ndodo yonse. Gawo lolowa m'dothi siliponya mthunzi. M'chitsanzo chino gawo looneka ndi mamita 2 ndendende. Kuti ndodo iime chilili, chingwe chomangirira mwala chimalendeweretsedwa pambali pake, monga amachitira amisiri omanga nyumba poona ngati khoma lawongoka. Ndodoyo imakonzedwa mpaka italondola chingwecho, poiyang'ana kutsogolo ndi kumbali komwe.

Munthu wachiwiri amakaima pothera mthunzi wa mtengo, atanyamula chikhomo kapena mwala. Ndodo ikakhala bwino, mmodzi amafuula, ndipo onse awiri amaika zizindikiro nthawi imodzi: wina pothera mthunzi wa ndodo, wina pothera mthunzi wa nsonga ya mtengo. Tepi imatulutsidwa pambuyo pake. Dongosolo limeneli n'lofunika, chifukwa zizindikiro zikaikidwa mthunzi ukhoza kusuntha mmene ungathere, woyeza n'kumayeza modekha pakati pa zikhomo.

Mthunzi wa ndodo wapezeka kuti ndi mita imodzi ndi masentimita 60. Mthunzi wa mtengo, kuchokera pa khungwa la thunthu kufika pa chikhomo, ndi mamita 18 ndi masentimita 90. Apa pali kanthu kamene ambiri amakaiwala. Nsonga ya mtengo wowongoka ili pamwamba pa pakati pa thunthu, osati pamwamba pa khungwa, ndipo tepi singalowe m'kati mwa thunthu. Choncho theka la kunenepa kwa thunthu liyenera kuphatikizidwa. Bulugamu uyu ndi wonenepa masentimita 60 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, theka lake ndi masentimita 30, ndipo mthunzi wonse ukukhala mamita 19 ndi masentimita 20. Pa mtengo woonda kusiyanaku n'kochepa, koma pa mlambe wa thunthu lalikulu theka limeneli limatha kupitirira mamita 2. Pa piramidi yaikulu ya ku Giza vutoli linali lalikulu koposa, popeza mbali imodzi ya tsinde lake ndi mamita pafupifupi 230, moti mamita 115 a mthunzi amabisika pansi pa piramidi yomweyo.

Masamu ake ali ndi masitepe awiri. Poyamba, kutalika kwa ndodo kumagawidwa ndi kutalika kwa mthunzi wake. Ndi bwino kusandutsa zonse kukhala masentimita kuti pasakhale chisokonezo: masentimita 200 kugawa ndi masentimita 160, yankho ndi 1.25, ndiko kuti imodzi ndi kota. Nambala imeneyi ikutanthauza kuti pa nthawi imene zikhomo zinaikidwa, chinthu chilichonse choima chilili pabwalopo chinali chotalika kamodzi ndi kota kuposa mthunzi wake. Mita iliyonse ya mthunzi ikuimira mita imodzi ndi masentimita 25 a kutalika. Kachiwiri, mthunzi wa mtengo umachulukitsidwa ndi nambala yomweyo. Kota ya mamita 19 ndi masentimita 20 ndi mamita 4 ndi masentimita 80. Zikaphatikizidwa zimakwana mamita 24. Bulugamuyo ndi wotalika mamita 24.

Yankholi likhoza kutsimikizidwa poyendera njira ina. Mthunzi wa ndodo, masentimita 160, umalowa kangati mu mthunzi wa mtengo, masentimita 1,920? Umalowa ka 12. Ndiye mtengo ndi wotalika ka 12 kuposa ndodo, ndipo ndodo za mamita 2 zokwana 12 ndi mamita 24. Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino wakuti imatheka popanda tepi. Woyeza amadula chingwe cholingana ndi mthunzi wa ndodo, n'kumachiyala motsatizana pa mthunzi wa mtengo uku akuwerenga. Chikalowa ka 12, mtengowo ndi ndodo 12, kaya ndodoyo inayezedwa m'mamita kapena ayi.

Kwa akomiti ya sukulu, yankho ndi lakuti mtengo wa mamita 24 ukhoza kufika pa nyumba imene ili pa mamita 21. Munthu wongoyang'ana mthunzi m'mawa umenewo akanaganiza kuti nyumbayo yapulumuka, poti mamita 19 ndi ochepa poyerekeza ndi 21. Mthunzi wokha si kutalika kwa mtengo. Umasanduka kutalika pokhapokha utachulukitsidwa ndi nambala imene ndodo yapereka. Ndiponso odula mitengo odziwa ntchito yawo sayimira pa malire enieni a kutalika kwa mtengo, chifukwa nthambi zimathyoka n'kuulukira patali mtengo ukagwa. Mamita 24 ndi poyambira pa kulingalira za chitetezo, ndipo mtengo woyandikana chotero ndi nyumba umafuna odula aluso, zingwe, kapena kuudula pang'onopang'ono kuyambira kumwamba.

Cholakwika chofala pa masamuwa ndi kugawa mozondotsa, kutenga 160 kugawa ndi 200 n'kupeza 0.8. Wochulukitsa mthunzi wa mtengo ndi nambala imeneyi amapeza mamita 15 ndi pang'ono, yankho limene likuoneka lomveka koma ndi lolakwika ndi mamita oposa 8. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Ngati ndodo ndi yaitali kuposa mthunzi wake, mtengo nawo uyenera kutuluka wautali kuposa mthunzi wake. Ngati mthunzi wa ndodo ndi wautali kuposa ndodoyo, monga zimakhalira madzulo, mtengo uyenera kutuluka waufupi kuposa mthunzi wake. Yankho losemphana ndi zimene ndodo ikuonetsa ndi lozondoka.

Zolakwika zina zambiri zimabwera pamene mathirayango awiriwo asiya kufanana, woyeza osadziwa. Choyamba ndi nthawi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4, ndipo m'miyezi imene dzuwa limakwera molunjika, kukwera kwake kumayandikira liwiro lomwelo. Pa chitsanzo cha bulugamu uja, dzuwa linali litakwera madigiri pafupifupi 51. Woyeza atayamba ndi mthunzi wa mtengo, n'kutha mphindi 10 akukoka tepi, kenaka n'kupita kukayeza wa ndodo, angapeze kuti mthunzi wa ndodo wafupika kuchoka pa masentimita 160 kufika pafupifupi 148. Masamu ake angatulutse mamita pafupifupi 26 m'malo mwa 24. Mphindi 10 zokha zawonjezera mamita 2 pa mtengo, ndipo palibe chilichonse papepala chimene chingaulule cholakwikacho. N'chifukwa chake zikhomo ziwiri zimaikidwa pa mfuu imodzi.

Chachiwiri ndi kufupika kwa ndodo. Pothera mthunzi uliwonse pamakhala povuta kulozapo ndendende, ndipo kuphonya ndi masentimita 2 n'kosavuta. Pa mthunzi wa masentimita 160, kuphonya kotereku kumasintha yankho ndi masentimita pafupifupi 30 pa mtengo wa mamita 24, zimene n'zopiririka. Koma wogwiritsa ntchito rula ya m'kalasi ya masentimita 30 amakhala ndi mthunzi wa masentimita 24 okha, ndipo kuphonya kwa masentimita 2 komweko kumasintha yankho ndi mamita pafupifupi 2. Cholakwika chilichonse pa ndodo chimachulukitsidwa mofanana ndi mmene mtengo ukupitirira ndodoyo. Ndodo ya mita imodzi ndi theka kapena mamita 2 ndi yoyenera. Munthu akhoza kulowa m'malo mwa ndodo ngati msinkhu wake ukudziwika, koma sangayeze yekha chithunzithunzi chake, chifukwa akangowerama chimafupika, ndipo munthu saima mowongoka ngati nsungwi.

Nkhani ya nthaka yotsetsereka ndi yosiyana ndi mmene ambiri amaiganizira. Kutsetsereka pakokha sikuwononga njirayi. Ngati mtengo ndi ndodo zonse zaima chilili pa mtsetse umodzi wosasinthasintha, ngodya ya patsinde siikhalanso madigiri 90, koma imakhala yofanana kwa zonse ziwiri, ndipo mathirayango amafananabe. Vuto limabwera pamene ndodo yazikidwa pamalo athyathyathya, monga pakhonde kapena pamsewu, pamene mthunzi wa mtengo wagona pa mtsetse. Mthunzi wotsikira kumunsi umatalika, ndipo mtengo umaoneka wautali kuposa mmene ulili. Mthunzi wokwera chitunda umafupika. Choncho ndodo izikidwe pa nthaka yomweyo imene mthunzi wa mtengo wagonapo, makamaka chapakati pake. Kumene mthunzi wadutsa pa chulu, m'ngalande kapena m'mizere ya m'munda, chofunika ndi chakuti tsinde la mtengo ndi pothera mthunzi zikhale pa mulingo umodzi, ndipo chingwe chikokedwe mowongoka pamwamba pa zokwera ndi zotsikazo, osati kuzitsata.

Mthunzi ukagunda khoma umapindika n'kukwera, koma kuyeza kumathekabe. Gawo logona pansi limachulukitsidwa ndi nambala ya ndodo monga kale, ndipo gawo lokwera khoma limangophatikizidwa mmene lilili, chifukwa khomalo laima chilili ngati mtengo womwewo. Ngati mthunzi wayenda mamita 12 pansi n'kukwera mamita 3 pakhoma, ndipo nambala ya ndodo ndi 1.25, mamita 12 aja akupereka mamita 15, kuphatikiza 3, mtengo ndi wa mamita 18. Izi zimagwira ngati nsonga ya mthunzi ikuoneka pakhomapo. Ikapitirira kukagwa padenga lopendekera, ndi bwino kudikira nthawi ina.

Vuto lalikulu koposa lili pa mtengo weniweniwo, pakuti mitengo yambiri si ndodo. Mtengo wopendama umakhala ndi nsonga imene sili pamwamba pa tsinde. Ngati nsonga yapendamira kumene kuli dzuwa ndi mamita 2, mthunzi woyezedwa kuchokera patsinde umafupika ndi mamita 2, ndipo pa nambala ya 1.25 yankho limachepa ndi mamita 2 ndi theka. Ikapendamira kumene kwagona mthunzi, yankho limakula ndi mlingo womwewo. Mankhwala ake ndi kupeza malo a pansi amene ali kunsi kwa nsonga, n'kuyambira pamenepo poyeza. Malowa amapezeka poima patali ndi chingwe cha mwala chija, kuchilunjikitsa pa nsonga, n'kuuza mnzako kuti aime pamene chingwecho chikuloza pansi. Zikachitika kuchokera mbali ziwiri zosiyana, malo okumanirana ndiwo ofunikawo. Yankho lopezeka motere ndi kutalika kwa nsonga kuchokera pansi. Thunthu lopendamalo ndi lalitali pang'ono kuposa pamenepo, ndipo likagwa limafika patali pang'ono.

Njira yabwino yodziwira ngati pali kupendama kapena mtsetse wobisika ndi kuyeza kawiri, m'mawa ndi masana dzuwa litapendeka, pamene mthunzi wagona mbali ina. Mayankho awiriwo akasiyana ndi theka la mita kapena kuchepera apo pa mtengo wa mamita 20 ndi kupitirira, kuyezako n'kodalirika. Akasiyana ndi mamita 3 kapena 4, china chake chasokoneza, ndipo choyamba kuchikayikira ndi kupendama kwa mtengo.

Mitengo ya nthambi zotambalala, monga mango, kachere ndi mlambe, ili ndi vuto lakelake. Mthunzi wake ndi chibulunga chachikulu, ndipo m'mphepete mwake mwakutali nthawi zambiri simuchokera ku nsonga ya pamwamba. Mumachokera ku nthambi ya m'mbali imene ili m'munsi koma yatambasukira kutali ndi thunthu. Mtengo wa mango wotalika mamita 10, umene nthambi zake zafika mamita 6 kuchokera pa thunthu pa utali wa mamita 7, ndi chitsanzo chabwino. Pa nthawi imene mthunzi ukulingana ndi kutalika, nsonga yeniyeni imaponya mthunzi wake pa mamita 10, koma nthambi ya m'mbali ija imauponya pa mamita 6 kuphatikiza 7, amene ndi 13. Woyeza pothera mthunzi anganene kuti mangoyo ndi wa mamita 13. Dzuwa likatsika cholakwikachi chimachepa, chifukwa kutambalala kwa nthambi kumakhala kochepa poyerekeza ndi utali wa mthunzi, komabe yankho la pa mitengo yotere liyenera kutengedwa ngati malire a pamwamba. Njira ya mthunzi imakhulupirika kwambiri pa mgwalangwa, paini, bulugamu ndi mitengo ina ya nsonga imodzi yooneka bwino.

Kusankha nthawi kuli ndi malire mbali zonse ziwiri. Dzuwa likakhala paliwombo mthunzi umafupika kwambiri n'kubisala pansi pa nthambi. M'Malawi izi zimafika pachimake kawiri pachaka, chifukwa dziko lonse lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa ikweta, m'dera limene dzuwa limadutsa pamutu penipeni. Ku Lilongwe zimachitika cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale, ndipo masiku amenewo ndodo yoima chilili imasowa mthunzi masana. Kuyeza kwa nthawi imeneyo sikungatheke. M'mamawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, vuto limakhala lina. Mthunzi umatalika mpaka kutuluka pamalo athyathyathya, umasintha mofulumira, ndipo nsonga yake imazimirira. Kuzimiriraku kumachitika chifukwa dzuwa si kadontho. Ndi chibulunga chimene chimatenga pafupifupi theka la digiri kumwamba, moti m'mphepete mwa mthunzi mumakhala chigawo chotuwa chimene mbali ina ya dzuwa yabisika ndipo ina ikuwala. Pa bulugamu wa mamita 24 chigawochi chinali masentimita osakwana 40 m'mawa uja, koma dzuwa litatsika kufika madigiri 15, mthunzi umatalika mamita pafupifupi 90 ndipo chigawo chotuwacho chimapitirira mamita 3. Chikhomo chimayenera kuikidwa pakati pa chigawocho.

Nthawi yabwino ndi imene mthunzi wa ndodo uli pafupi kulingana ndi ndodoyo, pamene dzuwa lakwera madigiri 45. M'Malawi nthawi imeneyi imapezeka tsiku lililonse la chaka, kamodzi m'mawa ndi kamodzi masana, chifukwa ngakhale mu Juni dzuwa limakwera kupitirira madigiri 45. Ku Lilongwe mu Marichi ndi Seputembala imafika cha m'ma 9 koloko m'mawa ndiponso itatsala pang'ono kukwana 3 koloko masana. Mu Juni, pamene dzuwa limadutsa chakumpoto, imafika cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi cha m'ma hafu pasiti 1 masana. Wofuna kupewa masamu onse akhoza kujambula pansi mzere wozungulira ndodo, wotalikirana ndi tsinde lake mofanana ndi kutalika kwa ndodoyo, n'kudikira kuti nsonga ya mthunzi ikhudze mzerewo. Pa mphindi imeneyo mnzake aika chikhomo pothera mthunzi wa mtengo, ndipo mtunda wochokera pakati pa thunthu kufika pa chikhomocho ndiwo kutalika kwa mtengo. Iyi ndi njira ija Diogenes Laertius anafotokoza za Thales.

M'nkhalango yowirira, monga m'minda ya paini ya ku Chikangawa kapena pa phiri la Zomba, mthunzi wa mtengo umodzi sungasiyanitsidwe ndi wa unzake, ndipo tsiku la mitambo palibe mthunzi woti n'kuyeza. Kumeneko mathirayango ofanana amagwirabe ntchito, koma mzere wa kuwala kwa dzuwa umalowedwa m'malo ndi mzere wa diso. Woyeza amagwira ndodo chilili, mkono atautambasula, gawo la ndodo limene lili pamwamba pa dzanja likulingana ndi mtunda wochokera pa diso kufika pa dzanjalo. Amabwerera m'mbuyo mpaka nsonga ya ndodo italunjika pa nsonga ya mtengo ndipo pamene wagwira palunjika patsinde. Pa nthaka yathyathyathya, mtunda wochokera pamene waima kufika pa mtengo umakhala pafupifupi wofanana ndi kutalika kwa mtengowo. Akatswiri a za nkhalango amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera ngodya m'malo mwa ndodo, ndipo nawonso amayamba ndi kuyeza mtunda wa pansi, kuchokera pamene aima kufika pakati pa thunthu.